Batchi yoyamba ikuyenda bwino, yachiwiri ikudumpha sitepe: kufufuza vuto pa tchati cha SFC cha thanki yosakanizira

Pa makina osakanizira zamadzimadzi pali vuto lina lomwe limazunza anthu chifukwa silioneka wolemba pulogalamu akadali pomwepo. Iye amajambula tchati cha SFC, chomwe chimasonyeza masitepe a ntchito motsatizana, n'kuchilowetsa mu PLC, kakompyuta koyendetsa makinawo, n'kuyendetsa batchi imodzi. Thanki yadzaza, madzi atentha, mota yatakasa, pampu yakhuthula. Aliyense wakhutira, munthu uja wanyamula laputopu yake wapita. Masana opareta akuimba foni kuti batchi yachiwiri sinatakasidwe, mota yangoguguda pang'ono n'kuzima, pampu n'kuyamba kutulutsa zinthu zosasakanizika. M'mawa mwake akayatsa makina, batchi yoyamba ilinso bwinobwino, ndipo anthu amayamba kuloza chala opareta wa masana.

Nthawi zambiri opareta amakhala wosalakwa. Kukhala bwino kwa batchi yoyamba yokha ndi chizindikiro chachikulu, chifukwa chikutiuza kuti pali chinthu chomwe chimayamba chili choyera PLC ikangoyatsidwa, koma sichiyeretsedwa batchi ikatha. Batchi iliyonse ikusiyira inzake mkute. Mkutewo ungakhale mu taima, mu mita yowerenga malita, mu akishoni yomwe inayatsidwa osazimitsidwa, kapena pansi pa thanki penipenipo. Ntchito yathu ndi kupeza kuti uli pati.

Thanki yomwe tikunena

Tiyeni titenge thanki ya malita 500 yopangira sopo wamadzi. Valavu ikatseguka, madzi amalowa malita 40 pa mphindi, ndipo mita ya paipi imawerenga mpaka 400. Hita ndi ya makilowati 18, yokhala ndi zitsulo zitatu za makilowati 6 chilichonse, ndipo imakweza madzi kuchoka pa madigiri 25 kufika pa 60. Kenako opareta amathira mankhwala, mota n'kutakasa mphindi 15. Pomaliza pampu imakhuthula malita 50 pa mphindi. Kuti masamu asatichulukire, tiziwerenga zonse za m'thanki ngati madzi malita 400.

Tchaticho chili ndi masitepe asanu otsatizana: `Dikira`, yomwe ndi sitepe yoyambira, kenako `Dzaza`, `Tenthetsa`, `Takasa` ndi `Khuthula`. Pakati pa sitepe ndi inzake pali thiranzishoni, kamzere kopingasa komwe pamalembedwa chomwe chiyenera kuchitika kuti tchati chidutse. Lamulo lake ndi limodzi: sitepe yapamwamba ikakhala yoyaka ndipo zolembedwa pa thiranzishoni zakwaniritsidwa, sitepeyo imazima, yapansi n'kuyaka. PLC sifunsa kuti zakwaniritsidwa liti kapena ndi batchi iti. Ikapeza `TRUE` wa dzulo, imadutsa mosakayika ngati kuti ndi wa lero. Pafupifupi zonse zomwe tikambirane pano zikuchokera pa lamulo limeneli.

Musanakhudze pulogalamu, lembani nthawi

Chiyeso choyamba chimakhala kutsegula pulogalamu n'kuyamba kusinthasintha. Dikirani kaye. Muyezo wa IEC 61131-3, womwe unatuluka mu 1993 n'kutenga SFC ku Grafcet ya ku France ya 1977, umapatsa sitepe iliyonse zinthu ziwiri zowerengeka: `.X`, yonena ngati sitepe ili yoyaka, ndi `.T`, yonena nthawi yomwe yatha chiyakireni. Sitepe ikazima, `.T` imaima pomwe inafika mpaka sitepeyo idzayakenso. Ndiye batchi ikatha mungathe kuwerenga nthawi za masitepe onse n'kuzilemba papepala.

Nthawi zoyenera mumaziwerengera nokha. Kudzaza ndi malita 400 kugawa ndi 40, mphindi 10. Kutakasa ndi mphindi 15. Kukhuthula ndi mphindi 8 ngati thanki ikutheratu. Kutenthetsa kumafuna kachidutswa ka masamu:

```
400 kg x 4.19 kJ/(kg.K) x 35 K = 58 660 kJ
58 660 kJ / 18 kW = 3 259 s
```

Amenewo ndi mphindi pafupifupi 54, ndipo poti kutentha kwina kumathawira m'makoma a thanki, yembekezani ngati ola limodzi. Yendetsani mabatchi awiri motsatizana osazimitsa PLC, mulembe nthawizo m'mizere iwiri. Sitepe yomwe nthawi yake yasintha pa mzere wachiwiri ndi yomwe muyenera kuyamba nayo. Ikakhala kuti yatsika kufika pa kachigawo ka sekondi, vuto lili mu pulogalamu, chifukwa palibe valavu kapena hita yomwe ingamalize ntchito m'kanthawi kotere. Ikakhala kuti yasintha ndi masekondi makumi angapo, yang'anani m'thanki.

Taima yomwe sinabwerere pa ziro

Ili ndiye vuto lomwe mudzakumane nalo kwambiri. `Takasa.T` ikuonetsa mphindi 15 pa batchi yoyamba, koma pa yachiwiri ikuonetsa mamilisekondi 10 kapena 20, nthawi ya sikani imodzi kapena ziwiri. Sikani ndi ulendo umodzi womwe PLC imadutsa m'pulogalamu yonse. Mukatsegula akishoni ya sitepeyo mudzapeza zofanana ndi izi:

```
(* akishoni N ya sitepe Takasa *)
tTakasa(IN := TRUE, PT := T#15m);

(* thiranzishoni *)
tTakasa.Q
```

Poziwerenga zikuoneka zabwino. Koma taima ya `TON` imabwerera pa ziro pokhapokha itayendetsedwa pamene `IN` yake ili `FALSE`. Apa `IN` sikhala `FALSE` mpaka kalekale. Pa batchi yoyamba taima imawerenga mphindi 15, `Q` n'kuyaka, tchati n'kudutsa. Sitepe ikazima, akishoni imasiya kuyendetsedwa, ndipo taima imangouma momwe inalili, `Q` ili yoyaka. Batchi yachiwiri ikafika pa `Takasa` imapeza khomo lili lotsegula kale. Usiku akazimitsa makina, PLC imafufuta zonse, n'chifukwa chake m'mawa vuto limabisala.

Ena amakonza polemba `IN := Takasa.X` mkati mwa akishoni yomweyo, poganiza kuti sitepe ikazima taima idzaona `FALSE`. Izi zimagwira pa PLC yomwe imayendetsa akishoni kamodzi kotsiriza sitepe itazima kale, koma si onse amatero. Mu Logix ya Rockwell nkhaniyi ndi yochita kusankha pakati pa `Automatic reset`, `Programmatic reset` ndi `Don't scan`, ndipo pulogalamu yomwe imayenda bwino pa chisankho china imalephera pa chinzake. Ine sindikonda kukoleka batchi yonse pa kachinthu komwe wina angasinthe pa sikirini ina osadziwa. Njira yosavuta ndi kuchotsa taimayo n'kugwiritsa ntchito nthawi ya sitepe yeniyeniyo, yomwe imayambira pa ziro nthawi iliyonse sitepe ikayaka:

```
Takasa.T >= T#15m
```

Izi zimathetsa kudumpha, koma zili ndi malire ake. `Takasa.T` imawerenga nthawi yomwe sitepe yakhala yoyaka, osati nthawi yomwe mota yazungulira. Ovalodi ikagwa pa mphindi yachitatu, tchati chidzadikirabe mphindi 12 zotsalazo pa thanki yongokhala, kenako n'kukhuthula sopo wosasakanizika, nthawi zonse zikuoneka zolondola papepala. Ngati kontakita ya mota ili ndi kakontakiti kobwezera uthenga ku PLC, werengani masekondi okhawo omwe mota ikuyendadi, ndipo kuwerengako kukhale kunja kwa tchati, komwe kumayendetsedwa sikani iliyonse:

```
tSek(IN := NOT tSek.Q, PT := T#1s);
IF NOT Takasa.X THEN
  nTakasa := 0;
ELSIF MotaIkuyenda AND tSek.Q THEN
  nTakasa := nTakasa + 1;
END_IF;
```

Thiranzishoni ikhale `nTakasa >= 900`. Kawerengedwe aka kamachedwa pang'ono, sikani imodzi kapena ziwiri pa sekondi iliyonse, zomwe pa kutakasa sopo sizidetsa nkhawa. Chachikulu ndi mzere wachiwiriwo: sitepe ikangozima, nambala imabwerera pa ziro, kaya tchati chatulukira kuti. Dziwaninso kuti kakontakiti kaja kamangonena kuti kontakita yagwira. Lamba akaduka kapena chopalasira chikamasuka pa shafuti, PLC sidzadziwa, pokhapokha mutayeza mphamvu yomwe mota ikukoka.

Mita ya malita, ndi hita yoyaka m'thanki youma

Vuto lomweli likagwera pa `Dzaza` limawononga katundu. Thiranzishoni yake ndi `Malita >= 400`, ndipo `Malita` ndi nambala yomwe imakwera mita ya paipi ikamatumiza zizindikiro. Wolemba pulogalamu wosamala amaibweza pa ziro mu sitepe ya `Dikira`, ndipo kwa miyezi zimayenda. Kenako a fakitale amapempha kuti makina azibwereza okha pamene oda yachuluka, wina n'kuwonjezera njira yochoka pa `Khuthula` kulumphira pa `Dzaza` mwachindunji. `Dikira` yalambalalidwa, `Malita` yatsala pa 400.

Taonani zomwe zimatsatira. `Dzaza` imayaka n'kuzima m'sikani imodzi, valavu isanayambe n'komwe kusuntha. `Tenthetsa` imayaka thanki ili youma. Sensa ya kutentha ikadali yofunda chifukwa cha batchi yapitayo, mwina ikuonetsa madigiri 52, ndipo poti 52 sanafike pa 60, hita imayaka. Chitsulo cha hita yomizidwa chinapangidwa kuti madzi azichilanda kutentha. Mumpweya chimafiira n'kupsa m'kanthawi kochepa. Opareta amangomva fungo, ndipo pa sikirini palibe alamu, chifukwa malinga ndi tchati zonse zikuyenda mwadongosolo lake.

Pokonza, musangobwezeretsa njira yodutsa pa `Dikira` n'kupuma. Chitani ngati momwe tachitira ndi masekondi a mota: kunja kwa tchati, `Malita` izibwerera pa ziro nthawi iliyonse pamene `Dikira` kapena `Khuthula` ili yoyaka, kuti njira iliyonse yolowera mu `Dzaza` izipeza ziro. Kuifufuta mkati mwa `Dzaza` momwemo ndi akishoni ya `P`, yomwe imayenda kamodzi kokha sitepe ikangoyaka, kumatheka, koma pamenepo mukudalira kuti akishoni iyendetsedwa thiranzishoni isanawerengedwe m'sikani yoyamba, ndipo zimenezi muyenera kuzitsimikiza pa PLC yanuyo. Chachiwiri, thiranzishoni isamakhulupirire mboni imodzi. Ikani siwichi yoyandama pamwamba pang'ono pa hita, tinene pa malita 120, ndipo mulembe `(Malita >= 400) AND MadziAphimbaHita`. Mita ikanena kuti 400 pamene siwichi ikuti hita ili pamtunda, chimodzi mwa ziwirizi chikunama, ndipo tchati sichiyenera kupitirira.

Hita yomwe inayatsidwa ndi S

Chizindikiro cha vuto ili ndi chachilendo: sikirini ikuonetsa `Khuthula` kapena `Dikira`, koma mukatsegula bokosi la magetsi kontakita ya hita yagwira. Limabwera mwa apo ndi apo, ndipo mukafunsa bwino mudzapeza kuti limatsatira batchi yomwe inaimitsidwa pakati.

Akishoni iliyonse mu SFC imakhala ndi chilembo chonena mmene iyendere. `N` imatanthauza kuti ntchito ichitike pamene sitepe ili yoyaka basi. `S` imayatsa chinthu n'kuchisiya choyaka ngakhale sitepe itazima, mpaka sitepe ina idzachizimitse ndi `R`. Wolemba amaika `S Hita` pa `Tenthetsa` ndi `R Hita` pa `Takasa`, ndipo pa njira yowongoka palibe cholakwika. Koma tchati chili ndi njira inanso. Opareta akaona kuti china chalakwika amadina batani lotaya batchi, tchati n'kuchoka pa `Tenthetsa` kupita pa `Khuthula`. `Takasa` sinayake, `R` sinachitike, ndipo pampu ikuchotsa madzi pa hita yoyaka.

Mungathe kuthamangitsa vutoli poika `R` pa sitepe iliyonse yomwe njira zadzidzidzi zimafikirako, koma tsiku lina wina adzawonjezera njira yatsopano n'kuiwala. Maganizo anga ndi oti pa thanki ya masitepe asanu `S` ndi `R` sizikufunika n'komwe. Lolani tchati chizingonena kuti tili pa sitepe iti, ndipo chipangizo chilichonse chilembedwe malo amodzi okha kunja kwa tchati:

```
Hita  := Tenthetsa.X AND MadziAphimbaHita
         AND SensaIliBwino AND NOT PaliVuto;
Mota  := (Tenthetsa.X OR Takasa.X)
         AND MadziAphimbaHita AND NOT PaliVuto;
Pampu := Khuthula.X AND NOT PaliVuto;
```

`SensaIliBwino` imanena kuti sensa ya kutentha ikugwira ntchito, ndipo `PaliVuto` imayaka pakapezeka vuto. Ndi kalembedwe aka, kaya tchati chatuluka pa `Tenthetsa` kudzera khomo liti, hita imazima m'sikani yomweyo. Wofufuza vuto usiku amakhalanso ndi mzere umodzi woti awerenge, osati kusakasaka tchati chonse kuti hita ikuyatsidwira pati. Izi sizilowa m'malo mwa chitetezo cha mawaya. Batani lofiira ladzidzidzi ndi themositati yodula hita ikatentha mopyola ziyenera kudula kontakita zokha, osadutsa mu PLC.

Mwaona kuti mota ikuyendanso pa `Tenthetsa`. N'zadala. Madzi otentha amakwera pamwamba, ndipo m'thanki yosatakasidwa sensa yomwe ili pamwamba pa hita ingaonetse 60 pamene madzi apansi akadali ofunda chabe. Mudzazindikira izi pamene `Tenthetsa.T` ikutha pa mphindi 35 m'malo mwa 55 kapena 60, kenako mota ikangoyamba kutentha n'kugwa ndi madigiri angapo. Makilowati 18 sangatenthetse malita 400 m'mphindi 35, ndiye nthawi ikafupika chonchi musakondwere kuti hita ndi yamphamvu. Thiranzishoni yake ikhale `Kutentha >= 60.0` kwa masekondi 20 osadukiza, osati `Kutentha = 60.0`, pakuti nambala ya `REAL` ingachoke pa 59.98 kufika pa 60.03 osaponda pa 60.0 penipeni, tchati n'kukakamira madzi akunka nawira. Masekondi 20 owonjezerawo amakweza kutentha ndi madigiri 0.2 okha.

Malita 30 otsalira pansi

Apa pulogalamu ilibe cholakwika chooneka, ndipo palibe sitepe yomwe ikudumphidwa. Dandaulo limachokera kwa oyeza sopo: mabatchi a masana sakufanana ndi a m'mawa. Bwererani ku pepala la nthawi lija. `Khuthula.T` ikuonetsa mphindi 7 ndi masekondi 24 pa batchi yoyamba, koma mphindi 8 pa yachiwiri.

Siwichi yapansi siikidwa pansi penipeni pa thanki, chifukwa pansipo ndi popindika ndipo pali paipi yotulutsira. Tinene kuti yathu imamasuka m'thanki mukadali malita 30. Thiranzishoni ikangoti `NOT MadziPansi`, pampu imazima itachotsa malita 370, omwe pa malita 50 pa mphindi ndi mphindi 7 ndi masekondi 24 aja. Batchi yachiwiri imathira malita 400 pamwamba pa 30 otsalawo, n'kukhala 430, ndipo kuwatsitsa kufika pa 30 kumatenga mphindi 8. Ngati thanki yanu imadzazidwa mpaka siwichi yapamwamba m'malo mwa mita, chizindikiro chimasamukira pa `Dzaza.T`, yomwe imatsika kuchoka pa mphindi 10 kufika pa 9 ndi masekondi 15. Pamenepo sopo amakhuthala, chifukwa mankhwala a malita 400 athiridwa m'madzi atsopano malita 370 okha, enawo ali sopo kale. Zimafika poipa pamene batchi yotsatira ndi ya mtundu wina kapena fungo lina.

Kukonza kwake ndi kulola pampu ipitirire siwichi itamasuka. Malita 30 amatenga masekondi 36, ndiye 40 akukwana:

```
tKhuthula(IN := Khuthula.X AND NOT MadziPansi, PT := T#40s);
```

Taima iyi ikhale kunja kwa tchati, ndipo thiranzishoni ikhale `tKhuthula.Q`. Poti `IN` yake ili ndi `Khuthula.X`, imadzibweza yokha pa ziro sitepe ikazima. Imathandizanso pa kagwedegwede ka siwichi, chifukwa madzi akamachepa amapanga kamvuluvulu pa paipi, siwichi n'kumamasuka ndi kugwiranso, ndipo taima imayambiranso mpaka itamasukiratu. Musatalikitse nthawiyi mwachisawawa kuti mukhale ndi mtendere mumtima. Pampu yoyenda youma imawononga silo yake yoletsa kudontha, ndipo mudzangosinthanitsa vuto la sopo ndi la pampu yodontha. Malita otsalirawo ayezeni ndi ndowa kamodzi, musawaganizire.

Sitepe ikakakamira

Kudumpha kuli ndi mnzake, komwe ndi kukakamira, ndipo tchati chopanda malire a nthawi chimadikira mpaka wina adzatulukire. Sitepe iliyonse yodikira sensa ikhale ndi khomo lachiwiri lopita ku sitepe ya `Vuto`. Pa `Dzaza` mphindi 15 zikukwana, pa `Khuthula` 12, pa `Tenthetsa` 70. Nambala ya 70 sinangotoledwa. Chitsulo chimodzi mwa zitatu chikapsa, hita imatsala ndi makilowati 12, ndipo masamu omwe aja amapereka mphindi 81. Malire a 70 amasiya mpata wa m'mawa wozizira wa mu Juni koma amagwira chitsulo chakupsa. Mukaika 120, fakitale idzayenda ndi hita yolumala kwa milungu, anthu akungodandaula kuti masiku ano makina akuchedwa.

Pa nthambi ziwirizi, yopitirira ndi yopita ku `Vuto`, onetsetsani kuti sizingakwaniritsidwe limodzi. PLC zambiri zimasankha ya kumanzere zikapeza zonse zili `TRUE`, koma n'kwabwino kulemba momveka, kuti nthambi yopitirira ikhale ndi `AND NOT` ya vutolo.

Waya wa sensa ya kutentha akaduka, zotsatira zimatengera mtundu wa sensa. Pt100 yolumikizidwa mwachindunji imaoneka ngati yatentha kopitirira muyeso, ndiye `Kutentha >= 60.0` imakwaniritsidwa nthawi yomweyo, sitepe n'kudumphidwa madzi ali ozizira. Pa chingwe cha 4–20 mA, waya woduka amapereka ziro, PLC n'kuona ngati madzi ndi ozizira kwambiri, hita n'kumangoyaka. `SensaIliBwino` ija ndi yogwira zonse ziwiri. Malangizo a NAMUR NE 43 amati chizindikiro cha 3.6 mA kutsika pansi kapena 21 mA kukwera m'mwamba chizitengedwa ngati kuwonongeka. Mungawonjezere mayeso ena osavuta: hita yathu imakweza madzi ndi madigiri atatu pa mphindi zisanu, ndiye zikadutsa mphindi zisanu osakwera ngakhale digiri imodzi, palibe chifukwa chodikirira mphindi 70.

Sitepe ya `Vuto` isamakhuthule thanki yokha. Izimitse zonse, isunge nambala ya sitepe yomwe vuto lachitikira, ndipo munthu asankhe kupitiriza kapena kutaya. Mankhwala a batchi imodzi ndi ndalama zambiri kuti atayike chifukwa cha waya womasuka.

Magetsi akathima pakati pa batchi

Kwathu kuno iyi si nkhani ya kamodzikamodzi, ndipo ngakhale pali jenereta, masekondi osinthira aja amakwana kuzimitsa PLC yopanda batire. Ikayakanso, tchati chomwe masitepe ake sasungidwa chimabwerera pa `Dikira`, `Malita` ili pa ziro, koma m'thanki muli malita 400. Uku ndi kutembenuka kwa vuto lija: tsopano PLC yaiwala pamene thanki ikukumbukira. Opareta akadina batani loyambira, valavu imathira malita 400 ena m'thanki ya 500, ndipo 300 amathera pansi.

Thiranzishoni yochoka pa `Dikira` isakhale batani lokha. Ikhale `Yamba AND NOT MadziPansi AND NOT PaliVuto`. Thanki ikapezeka ndi madzi, tchati chipite ku sitepe yofunsa opareta, yomuonetsa sitepe yomwe batchi inalekezera. Nambala ya sitepeyo, pamodzi ndi `Malita` ndi `nTakasa`, zisungidwe mu `VAR RETAIN` kuti zisafufutike magetsi akathima. Samalani pamenepa: mzere wathu uja wobweza `nTakasa` pa ziro udzaifufuta m'sikani yoyamba, poti `Takasa.X` idzakhala `FALSE`, ndiye muzikopera nambalazi kumalo ena osungika pamene sitepe ili yoyaka, n'kuzibwezeretsa opareta akasankha kupitiriza. Chimodzimodzi `Malita`, yomwe `Dikira` imaifufuta. Magetsi akakhala kuti anatenga maola, batchi yomwe inali pa `Takasa` yazizira, ndipo malo oyenera kubwererako ndi `Tenthetsa`. Chosungira masitepe onse kuti makina azingopitiriza okha magetsi akabwera sindichivomereza pa thanki yokhala ndi chopalasira, chifukwa panthawiyo wina angakhale atatsegula chivundikiro kuti aone zomwe zachitika. Siwichi yapamwamba penipeni, tinene pa malita 460, idule valavu yolowetsa madzi mosayang'ana kuti tchati chili pa sitepe iti.

Kuyesa musanachoke

Batchi imodzi siyesa kanthu pa zonsezi. Gwiritsani ntchito madzi okha, muchepetse nthawi yotakasa kufika pa mphindi imodzi ndi kutentha kufika pa madigiri 30 kuti musathere tsiku lonse, koma malire a nthawi muwayese padera ndi nambala zake zenizeni pa simyuleta. Yendetsani mabatchi atatu motsatizana osazimitsa PLC, ndipo nthawi za sitepe iliyonse zifanane pa mizere yonse itatu. Ngati pali njira yobwereza yokha, iyeseninso payokha katatu, pakuti ndi njira ina. Kenako imitsani batchi pa sitepe iliyonse, imodziimodzi, mukuyang'ana makontakita ndi maso m'bokosi, osati pa sikirini pokha, ndipo mukatero yambitsani batchi yatsopano muone ngati ikuyenda nthawi zake zonse. Gwetsani ovalodi ya mota pakati pa `Takasa` muone ngati `nTakasa` yaima. Masulani waya wa sensa pa `Tenthetsa`, hita izime ndipo tchati chipite ku `Vuto`. Pomaliza zimitsani magetsi a PLC thanki ili yodzaza, muyatsenso, mudine batani loyambira dzanja lina lili pa valavu yamanja yotsekera madzi. Mukamaliza bwezerani mphindi 15 ndi madigiri 60, ndipo pepala la nthawi zoyenera lija mulimate mkati mwa chitseko cha bokosi la magetsi kuti wodzafufuza vuto lotsatira akhale ndi poyerekezera.